Thandizeni: foni yosweka galasi ingatumize yokha uthenga womveka?

Abale, ndikulemba nkhani yaifupi ndipo ndaima pakati. Ndi ya bambo wina wa golosale ku Ndirande amene amapikula katundu pangongole ku Limbe. Tsiku lina akutsitsa matumba a ufa, foni inagwera pa simenti, galasi n'kung'aluka kuchokera pakona yakumunsi kumanja. Ndalama yokonzetsera palibe, choncho akungoigwiritsa ntchito momwemo, chala chikukodwa m'ming'alu. Kenako omupikulitsa katundu ayamba kulandira mauthenga achilendo pa WhatsApp. Wa shuga akumubweretsera mabelo 20 m'malo mwa 2. Mayi womugulitsa buledi akulandira mawu akuti "ndatopa nanu", n'kusiya kubwera.

Sindikufuna za mizimu kapena ufiti. Ndikufuna kuti munthu wodziwa mafoni akawerenga anene kuti inde, izi zimachitika. Kodi galasi losweka lingalembe chiganizo chonse? Ngati ayi, ndichite bwanji?

Fundi wa mafoni: Ndimakonza mafoni tsiku ndi tsiku, ndipo otere ndimawalandira. Pansi pa galasi pali kachikuto kopyapyala komva chala. Kakavulala, kapena thukuta ndi chinyezi zikalowa m'ming'alu, foni imaona ngati yagwidwa pomwe palibe waigwira. Koma imabaya malo omwewo mobwerezabwereza, motsata povulalapo. Ndiye chiganizo chatsopano siingalembe, mungoona zilembo zosamveka. Za 20 zija n'zotheka: bambowo alembe 2, foni iwonjezere 0, poti 0 ali kumanja. Chinanso, foni ikhale yosakiya ndipo WhatsApp ikhale yotsekula, apo ayi palibe chingatuluke.

Mayi wa pa Zingwangwa: Pepani ndi vutoli achimwene. Pitani nayo ikasinthidwe galasi msanga, ndipo muwaimbire opikulitsawo muwapepese, anthu amamva.

Wolemba: Zikomo mayi, koma si foni yanga, ndi nkhani yopeka. A Fundi, nanga "ndatopa nanu" ndiwatulutsa bwanji? Popanda mawuwo nkhani yafa.

Fundi wa mafoni: Mng'alu mwauika pabwino osadziwa. Pakona imeneyo ndi pomwe pamakhala kabatani ka maiki, ndipo mukalemba kanthu kabatani komweko kamasanduka kotumizira. Uthenga umene mwalemba osatumiza sufufutika, umakhala pomwepo kukudikirani. Ndiye bambo wanu alembe yekha mawuwo usiku, atawerengera ndalama n'kupeza kuti sizikukwana, kenako mtima utsike, asatumize. M'mawa akungotsekula kuti aitanitse buledi, foni ibaye pakonapo, uthenga wapita. Pakakhala palibe cholembedwa, ikhoza kukanikiza maiki n'kujambula zimene akulankhula ndi mkazi wake kuseri kwa kauntala.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ine ndikuti si galasi, ndi tchaja. Yanga inkachita misala yomweyo, nditasintha tchaja basi zinatha. Lembani kuti anagula tchaja yotchipa.

Fundi wa mafoni: Tchaja yachabechabe imachitadi zimenezo, koma pokhapokha foni ili pamoto. Mukaizula zimaleka. Ya galasi siyang'ana zimenezo. Ngati mukufuna wokonza mafoni m'nkhanimo aonetse umboni, alowe mu Settings, apite pa About phone, abaye Build number kasanu ndi kawiri, kenako mu Developer options ayatse Pointer location. Akaigoneka pa tebulo, mizere izijambulika yokha pomwe ikudzibayapo.

Mphunzitsi wa Chichewa: Ine mabelo 20 aja ndikuwakana. Mayi anga anali ndi okala zaka zambiri, ndipo wopikulitsa amadziwa msinkhu wa kasitomala wake. Munthu wa mabelo awiri, wangongole kale, akaitanitsa 20 amamuimbira kaye, satumiza galimoto. Pokhapokha mutatiuza chifukwa chimene sanaimbire. Koma za uthenga wosatumizidwawo gwiritsitsani. Pamenepo foni sikunama ayi, ikuulula zimene bamboyo wakhala akumeza. Akapita kwa mayi wa buledi n'kunena kuti "ndi foni", mayiyo amufunse kuti, "Nanga analemba ndani?" Ndikufuna ndione nkhope yake pamenepo. Za mizere yodzijambula zija musazitalikitse, ndime imodzi yakwana.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Komatu musaulule zonse. Uthenga umodzi utsale umene ngakhale wokonza mafoni alephere kuufotokoza.

Wolemba: Aphunzitsi mwandigwira penipeni, mabelowo ndiwachotsa kapena ndipangitse kuti wopikulitsa aimbe, foni n'kudula yokha. A Fundi, zimenezo zingatheke? Za uthenga wosafotokozekawo mtima sunavomere, poti ndinakana mizimu poyamba pomwe. Usiku uno ndilemba kaye pomwe bamboyo akuima pakhomo pa mayi wa buledi, foni ili m'thumba.