Mayeso aja a sayansi ya zitsulo ndalemba, zikomo nonse

Ndinafunsa kuti: "Kwatsala masabata awiri, ndigawe bwanji nthawi pakati pa masamu ndi fiyole?"

Zikomo nonse munayankha. Ndinatsata maganizo a achimwene aja akuti masamu m'mawa, kuwerenga madzulo. Sabata yoyamba ndinkalakwitsabe fomula ya stress, `σ = F/A`, yomwe ndi mphamvu yokoka kugawa ndi eliya, kumangoiwala kusintha mamilimita. Chitsulo chozungulira cha dayamita ya 10 mm chokokedwa ndi 20 kN chimapereka pafupifupi 255 MPa, koma ine ndinkapeza nambala yoti ngakhale njanji singapirire.

Chinandipulumutsa kwenikweni ndi kujambula chithunzi cha Fe-C, chosonyeza momwe ayironi wosakaniza ndi kaboni amasinthira ndi kutentha, pamtima tsiku lililonse, ngakhale mu minibasi yochokera ku Kawale. Pofika pa 727 °C ndi 0.76% ya kaboni, fiyole ndi masamu zimakumana. Funso la pamenepo linabweradi! Za dzimbiri ndinazisiyira usiku womaliza, ndipo zinandilanga.