Chidule cha mavoisi a ngongole ya K150,000

Mlembi: Amayi ndi abambo, ndamvetsera mavoisi onse 43 amene mudatumiza pa WhatsApp ya gulu lathu lobwereketsana ndalama kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi usiku, ndipo chimene tidagwirizana ndi ichi. Amayi a ku Santhe abweze K210,000 pofika pa 5 Ogasiti, ndiye kuti ngongole ya K150,000 ndi chiwongoladzanja cha miyezi iwiri, K30,000 mwezi uliwonse. Adavomera ndi anthu 10 mwa 18. Nkhani ya chindapusa cha K5,000 cha kuchedwa kubweza sidathe, choncho sindinailembe ngati chigamulo.

Wapampando: Alembi, ine ndidanena K216,000 ndipo anthu adavomera. Mwezi woyamba ukadutsa ngongole imakhala K180,000, ndipo 20 pa 100 ya ndalama imeneyo ndi K36,000. Mwandichotsera K6,000 ndi chilolezo cha ndani?

Mlembi: Mudanenadi, apampando, Lachitatu nthawi ya 7:42 madzulo, koma chimene munthu wanena si chimene gulu lagwirizana. Ndidatenga kope n'kulemba voisi iliyonse pamzere wakewake: wolankhula, nthawi, ndalama imene watchula, komanso uthenga umene akuyankha. Amene adatchula K216,000 ndi pakamwa pawo ndi atatu okha, inu muli momwemo. Ena anayi adangoti "chabwino", ndipo nditayang'ana kabokosi kamene kamaoneka pamwamba pa yankho, ndidapeza kuti awiri ankayankha za kusintha malo a msonkhano. Awiri enawo sadakoke uthenga uliwonse poyankha, ndiye "chabwino" wawo ndamusiya, sindinamupatse mbali.

Msungichuma: Pa "chabwino" wanga alembi akunena zoona, ine ndinkavomera zokumana pansi pa mtengo wa mango. Komabe ine ndidamvetsera mavoisi onse mothamangitsa pa 2x ndipo ndidamva sikisitini kangapo. Ndiponso amene adakhala chete tiwawerenge kuti adavomera za apampando, chifukwa pakhonde timatero.

Mlembi: Pakhonde timaonana nkhope, asisi. Pafoni munthu wachete mwina alibe bandulo, ndipo atatu mpaka pano sanatsegule voisi ya apampandoyo. Sikisitiniyo mudamumvadi, koma kawiri adamutchula anthu amene ankamukana. Pothamangitsa voisi khutu limagwira nambala n'kutaya mawu oti "ayi" amene ali patsogolo pake, n'chifukwa chake paliponse pamene patchulidwa ndalama ndidabwereza paliwiro lake lenileni.

Mayi a ku Santhe: Ine ndikuona kuti ndikuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Chindapusa mudandikhululukira Lachitatu, ndidamva ndi makutu angawa, ndipo lero mukuti nkhaniyo sidathe. Ndidafotokoza kuti mwana adagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri, soya ndidagulitsa motaya kuti ndipeze thiransipoti, ndipo ndalama ya fodya ya bambo a kunyumba inali isanatuluke. Chaka chatha alamu awo a apampando adachedwa miyezi itatu, ndipo palibe amene adawawerengera chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja. Kodi malamulo aja amadzuka akaona nkhope yanga yokha?

Mlembi: Amayi, voisi yanu ya mphindi 6 ndidaimva yonse, ndipo za mwana ndi zachisoni, koma m'chidule mumalowa ndalama, tsiku ndi wobweza basi. Za kukhululuka zili m'mavoisi awiri. Ina ikuti "bwanji tiwakhululukire", limene ndi pempho. Inayo idatumizidwa 9:15 usiku ndipo mwini wake adaifufuta, pangotsala mawu oti `This message was deleted`. Chimene sindingathe kuchimvetseranso sindingachilembe.

Mayi a ku Santhe: Adaifufuta ndi apampando. Anene okha chimene adalankhulamo.

Wapampando: Ndidafufuta chifukwa ndidajambula ndili pa lole pochokera ku Chinkhoma ndipo munkangomveka mphepo. Za alamu anga musazilowetse pano, nkhani imeneyo tidaitseka pogawana mu Disembala.

Bambo a ku Chamama: Poti mwayamba kulemba zakale, alembi, mulembenso K12,000 yanga ya thumba la zadzidzidzi imene mudalonjeza pamaliro a mayi anga. Ndidatumiza voisi mu Epulo ndipo palibe adayankha.

Mlembi: Achimwene, chidulechi ndi cha masiku atatu okha, yanuyo tiiike pamsonkhano. Tsopano ndikupempha kuti aliyense alembe ndi zala, osati voisi, nambala imodzi, 210 kapena 216, kenaka "inde" kapena "ayi" pa chindapusa, pofika Loweruka 6 koloko madzulo. Zikatero ndizilemba m'buku ndipo mudzasaina Lamulungu.

Msungichuma: 210, koma chindapusa inde. Ine ndidalipira changa mu Meyi popanda wondimvera chisoni.

Mayi a ku Santhe: Ine sindilemba kanthu mpaka apampando anene zimene zidali m'voisi ya 9:15.

Wapampando: (voisi, 4:18)

Mlembi: Apampando, ndapempha kuti tilembe.