Mchere woyera wopanda chizindikiro: ndi aluminiyamu kapena ledi?

Moni aphunzitsi anzanga a kemisitire. Ndithandizeni, ndathedwa nzeru.

Mu labu mwathu muli botolo la mchere woyera lomwe pepala lake linamatuka, ndipo sindikufuna kupatsa ana a Fomu 4 chinthu chimene sindikuchidziwa.

Nditausungunula ndinadonthezera NaOH, munatuluka matope oyera omwe anasungunuka nditawonjezera yambiri. Ndi amoniya matope oyera anatulukanso, koma sanasungunuke ngakhale ndinathira yochuluka. Ndiye zinki ndamuchotsapo, kwatsala Al³⁺ ndi Pb²⁺.

Pamoto ndiye pandisokoneza. Waya ndinautsuka mu HCl katatu, koma lawi limachita chikasu kamphindi kochepa kenako n'kuzilala. Ndikukayikira kuti ndi sodiyamu wa m'madzi a pamjigo, poti madzi otcheza anatithera. Komanso madziwo anachita mbuu pang'ono mcherewo utangolowa, ndisanathiremo kanthu.

KI, amene akanapereka matope achikasu ngati ndi ledi, tilibe. Tili ndi H₂SO₄ wosungunula basi. Kodi matope oyera akatuluka ndi asidiyu, ndinganene motsimikiza kuti ndi ledi? Kapena madzi a pamjigowa angandinamize, ndiyambirenso ndi madzi a mvula? Zikomo kwambiri.