Mawu a Chisipanishi onamizira Chingerezi andichititsa manyazi

Moni nonse. Ndakhala ku Valencia zaka 2, Chisipanishi ndimayankhula ndithu, koma mawu ofanana ndi a Chingerezi akundigwetsabe. Dzana nditaswa kapu kwa apongozi ndinati "estoy embarazada", ndimafuna kunena kuti ndachita manyazi. Mayiwo anandikumbatira mosangalala! Paja mawuwo amatanthauza kuti ndili ndi pakati.

Ndayesa kulemba mawuwa m'kope, ndayesanso kuwaloweza usiku uliwonse. Ndikakhala phee ndimadziwa kuti "actualmente" ndi "pakadali pano", ndipo "constipado" ndi chimfine, osati kudzimbidwa. Koma ndikamayankhula mothamanga, Chingerezi chimatsogola.

Inu amene munadutsamo, munatani kuti lilime lizolowere? Nanga manyazi otere ndizinena "me da vergüenza" basi?