Zotsatira zake: kuika Windows kumaima panjira

"Pulogalamu yoikira Windows ikumaima pa 62%, tsiku lina pa 71%, kenako kompyuta imayambiranso yokha. Ndasintha fulashi koma sizikutheka."

Tabwereranso ndi zomwe mwapeza, ndipo zikuloza ku RAM. Fulashi ikakhala yoonongeka, kawirikawiri ntchito imaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, chifukwa fayilo yomwe ikulephera kuwerengeka ndi imodzi yomweyo. Kwa inu malo oimapo akusinthasintha, komanso nambala yotsimikizira fayilo yomwe lamulo la `Get-FileHash` latulutsa ikufanana ndi SHA256 ya ISO yoyambirira. Choncho fayiloyo ili bwino.

Kutentha nako takuchotsapo. Mwati fani ikuzungulira ndipo BIOS ikuonetsa madigiri 45. Purosesa yotentha mopitirira imangozimitsa makina mwadzidzidzi, osasiya uthenga.

MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, yapeza zolakwika paulendo wachiwiri. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha n'chokwanira, musachipeputse. Zimitsani makina, chotsani chingwe cha magetsi, musiye RAM imodzi yokha, muiyese maulendo 4. Kenako muyese inzakeyo pamalo omwewo. Yolephera ndiyo yakufa. Zikalephera zonse ziwiri, yesani malo ena olowetsa, muzimitsenso XMP mu BIOS, yomwe imakweza liwiro la RAM, chifukwa liwiro lokwezedwa limabweretsanso zolakwika zomwezi.