Ndithandizeni kukonza chenjezo la makasitomala pa nkhani ya ndalama "zotumizidwa molakwika"

Ejenti wa ku Mpondabwino: Abale ndi alongo a pa gulu lino, ine ndine ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba kuno ku Zomba, ndipo ndikufuna kumata chenjezo pawindo la malo anga ogwirira ntchito, komanso kuliika pansi pa chithunzi chimene ndimatumizira makasitomala. Mawu amene ndalemba ndi awa: "Musauze munthu aliyense nambala yanu yachinsinsi, ngakhale ine amene. Wina akakuimbirani kuti watumiza ndalama molakwika, musathamangire kubweza, yambani mwaona balansi yanu poimba *211# kapena *444#."

Chimene chikundivutitsa maganizo ndi chiganizo chachiwiricho. Mayi wina wogulitsa usipa anabwera ndi uthenga wonena kuti walandira K85,000, ndipo bambo wina ankamuimbira mosalekeza, akuti ndi ndalama za maliro. Titaona balansi, ndalamazo zinalidi zitalowa, koma nambala imene bamboyo ankati zibwezedwereko inali yosiyana ndi imene zinachokera. Ndinamuletsa kutumiza, ngakhale iye ankachita chisoni. Tsono ngati chenjezo langa likungoti "onani balansi", kodi sindikuuza anthu kuti ndalama zikapezeka zalowadi ali omasuka kubweza? Ndilembe chiyani chachidule choti agogo a ku Jali amve?

Bambo wa ku Chinamwali: Mayi, musadzivutitse ndi zambiri. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, pamene wabodza umachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 09 kapena 08. Lembani zokhazo basi, chifukwa munthu akadziwa kusiyanitsa mauthenga awiriwa sangaberedwenso.

Ejenti wa ku Songani: Zimene anena bambowa ndi zoona pa mauthenga ambiri abodza, koma sizingakhale chitetezo chokwanira. Wakuba akagwira foni yanu kwa kamphindi, mwina ponamizira kuti akufuna kulembamo yekha nambala yotumizako ndalama, amatha kusunga nambala yake m'fonimo ndi dzina la kampani, ndipo kuyambira pamenepo uthenga uliwonse umene angakulembereni umaoneka ngati wachokera kukampani. Ifeyo maejenti ndi amene timagwa kwambiri m'msampha umenewu, chifukwa pakakhala mzere wautali timangoyang'ana uthenga n'kupereka ndalama. N'chifukwa chake balansi ndi umboni woposa uthenga, ndipo foni ya ntchito siyenera kuchoka m'manja mwa mwini wake.

Koma nkhani ya mayi wa usipayo ndi ina, ndipo munachita bwino kumuletsa. Tiyerekeze kuti mayiyo anali ndi K12,000 mufoni. Akaona balansi n'kupeza K12,000 yomweyo, uthengawo ndi wabodza ndipo nkhani yathera pomwepo. Akapeza K97,000, ndalama zalowadi, koma funso lotsala ndi lakuti zachokera kwa yani. Kawirikawiri zimayenda motere: wakuba amanamiza munthu wina, tinene wa ku Thondwe, kuti ali ndi feteleza wotchipa kapena kuti amupezera ntchito, ndipo pomuuza kolipira amamupatsa nambala ya mayi wa usipayo, imene mwina anaiona pachikwangwani cha bizinesi. Wa ku Thondwe akangolipira, wakubayo amaimbira mayiyo akulira, n'kumupempha kuti abweze pa nambala ina. Mayiyo akatumiza, ndalama zimatapidwa mwamsanga, ndipo wa ku Thondwe akazindikira kuti waberedwa amapita kupolisi ndi nambala imodzi yokha imene akuidziwa, ya mayi wa usipa, yolembetsedwa ndi chiphaso chake cha unzika. Iye ndi amene amayamba kufunsidwa mafunso, ngakhale sanadyeko tambala.

Choncho chizindikiro chachikulu ndi chimene munaona kale, chakuti nambala yobwezerako ikusiyana ndi yotumiza. Ine ndingalembe kuti: "Ngakhale ndalama zitalowadi, musabweze nokha ndipo musazigwiritse ntchito. Uzani wotumizayo aimbire kampani yake, inunso imbani ndi kunena."

Mphunzitsi wa ku Domasi: Ine zinandichitikira mosiyana. Ndinalakwitsa nambala imodzi potumiza fizi ya mwana, ndipo amene analandira anatapa ndalamazo tsiku lomwelo n'kuzimitsa foni. Tsono mukamaphunzitsa anthu kuti asamabweze, kodi ife olakwitsa moona mtima tithawire kuti? Ndikuona ngati chenjezo lotere lipatsa mphamvu anthu osakhulupirika.

Ejenti wa ku Songani: Pepani kwambiri aphunzitsi, koma sitikunena kuti wolandira asunge ndalama za eni ake. Tikunena kuti kubweza kudutse kukampani. Wotumiza aimbe msanga ndi kupereka nambala ya chiphaso cha ndalamazo imene imalembedwa mu uthenga wotsimikizira, pamodzi ndi kuchuluka kwake ndi nthawi, ndipo ngati sizinatapidwe kampani imatha kuzigwira kenako n'kuzibweza kumene zinachokera. Pali chifukwa chinanso chimene wolandira sayenera kubweza yekha ngakhale pa nambala yomweyo: wotumiza akhoza kukhala atadandaula kale kukampani, ndiye inu mukatumiza K85,000, kampani nayonso ikhoza kuchotsa ina pa ndalama zanu zotsala, ndipo kuti zibwerere pamafunika kuyenda ndi kufotokoza kwambiri.

Mayi wa ku Matawale: Ine sindikugwirizana nazo kwathunthu. Ngati wotumizayo ndi munthu woti ndikumuona ndi maso, ali ndi foni imene ndalama zachokera, ndipo dzina la mu uthenga likufanana ndi la pachiphaso chake, ndingamudikiritse bwanji pamene mwina ali ndi wodwala kuchipatala? Pamenepo ine ndimabweza pa nambala yomweyo, ejenti ali mboni. Komanso mayi a ku Mpondabwino, musaiwale aja oimba ngati ogwira ntchito kukampani. Iwo sapempha nambala yachinsinsi mwachindunji masiku ano, koma amati akufuna kukuthandizani kuletsa ndalama zolakwikazo, n'kumakuuzani manambala oti mudinde mmodzimmodzi, ndipo pomaliza mumapezeka kuti mwatumiza nokha ndalama zanu. Chenjezo lanu lonena za nambala yachinsinsi silikukhudza zimenezi, chifukwa munthu amadzilembera yekha osauza aliyense.

Ejenti wa ku Mpondabwino: Zikomo nonse. Mfundo ya mayi a ku Matawale yokhudza kudinda manambala mouzidwa ndiionjezera ndithu, chifukwa ndimaona anthu akubwera pawindo langa foni ili kukhutu, wina akuwalamula zochita, ndipo ndikawapempha kuti adule kaye amakwiya. Pakali pano ndalemba motere: "Nambala yanu yachinsinsi ndi yanu nokha. Musadinde manambala amene munthu wa pafoni akukuuzani, ndipo musapereke foni yanu kwa mlendo. Wina akati watumiza molakwika, dulani foni, onani balansi, ndipo ngakhale zitalowadi musatumize pa nambala ina iliyonse, imbirani kampani kapena bwerani tithandizane."

Pa nkhani yobweza pamaso ndi pamaso sindinalembepo kanthu, popeza ndikuopa kuti ndikatsegula khomo limenelo akuba adzayamba kubwera okha pawindo ndi ziphaso zobwereka. Maejenti anzanga amene munakumanapo ndi wotumiza wobwera yekha, kodi munkaimbirabe kampani iye ali pomwepo, kapena munkalola kasitomala kubweza?