Kalata yofunsira ntchito m'Chifalansa, poyambira ndi pothera pandizunguza

Nambewe
Akuluakulu a m'gulu muno ndithandizeni. Bungwe lina la zaumoyo likufuna akauntanti ku Lubumbashi, m'dziko la Congo, ndipo akuti kalata ndi CV zipite m'Chifalansa. Kalata ndinailemba m'Chingerezi, mwana wa achimwene yemwe anaphunzirako Chifalansa kusekondale ndiye wandimasulira. Pakati pake sindikudandaula kwenikweni. Koma pamene ine ndinati "Dear Sir/Madam" iye waika "Cher Monsieur/Chère Madame", ndipo pa "Yours faithfully" waika "Fidèlement vôtre". Mtima ukukana. Pachilengezo sanatchule dzina la munthu, angoti kalata ipite kwa "Direction des ressources humaines", ofesi yoona za olembedwa ntchito. Nditumize momwemo?

Dalaivala wa Kasumbalesa
Achemwali musadzivutitse. Ine ndimatenga katundu kupita ku Lubumbashi komweko, maimelo onse a ku ofesi ya kumeneko amayamba ndi "Bonjour" n'kuthera pa "Cordialement". Lembani zomwezo basi.

Aphunzitsi Opuma
Mayi Nambewe, musatumize kaye. A dalaivala sakunama, maimelo a tsiku ndi tsiku amayendadi choncho, ndipo uthenga waufupi woperekezera kalatayo mukhoza kuutseka ndi "Cordialement". Koma kalata yeniyeniyo, imene eni Chifalansa amaitcha "lettre de motivation", ili ndi mwambo wake.

Tiyambe pamwamba. M'Chingerezi "Dear" amauza aliyense, ngakhale munthu woti simunamuonepo. "Cher" sali choncho, amamveka ngati mukudziwana kale, ndiye mlendo wofuna ntchito akayamba nawo amaoneka wozolowera msanga. Popeza simukudziwa amene adzawerenge, lembani mawu awiri okha, mayi patsogolo, opanda kamzere kopendekeka pakati:

Madame, Monsieur,

Mukanadziwa kuti mkulu wake ndi mayi mukanalemba "Madame," kapena "Madame la Directrice,". Akanakhala bambo, "Monsieur," kapena "Monsieur le Directeur,". Dzina la munthuyo limalembedwa pa adiresi pamwamba, m'malonje mwamwambo salibwereza.

Pothera ndi pamene pali ntchito. "Fidèlement vôtre" chotsani, palibe amatsekera nawo kalata ya ntchito. Iwo satseka ndi mawu awiri ngati Angerezi, amatseka ndi chiganizo chathunthu, ndipo mkati mwake mumabwereza malonje omwe munayamba nawo, osasintha ngakhale chilembo:

Je vous prie d'agréer, Madame, Monsieur, mes salutations distinguées.

Ngati pamwamba munati "Madame la Directrice," apanso pakhale "Madame la Directrice". Anthu ambiri amakonza pamwamba atadziwa kuti wolandira ndi mayi, pansi n'kuiwala, kalata n'kutsanzika bambo amene kulibe. Wowerenga amadziwiratu kuti kalatayo yakopedwa.

Nambewe
Zikomo aphunzitsi. Nanga "I look forward to hearing from you" ndiike pati? Mwanayu waiika payokha pamwamba pa kutsanzikako.

Aphunzitsi Opuma
Mukhoza kuilowetsa m'chiganizo chomwecho: "Dans l'attente de votre réponse, je vous prie d'agréer, Madame, Monsieur, mes salutations distinguées." Apa pali msampha umodzi. Mudzaona ena akulemba "Veuillez agréer" m'malo mwa "je vous prie d'agréer", ndipo payokha n'zolondola. Koma mukayamba ndi "Dans l'attente", amene akudikira yankho ndi inu, choncho chotsatira chiyenera kukhala "je". "Veuillez" akuyankhula ndi wowerengayo, ndiye chiganizo chimamveka ngati iyeyo ndiye akudikira yankho lake lomwe. Ngakhale eni chiyankhulo amaphonya pamenepa, koma amene amasamala zolemba amapaona.

Che Mbwana
Ine masatifiketi anga atafunika m'Chifalansa anandibwezera, akuti pafunika chidindo cha womasulira wovomerezeka. Mwana wa achimwene wanuyo chidindo ali nacho?

Nambewe
Che Mbwana, panopa akufuna kalata ndi CV zokha. Kalata ndi mawu anga, sifuna chidindo. Zamasatifiketi ndidzafunsa akandiitana.

Maman wa ku Dowa
Dada wanga Nambewe, ine ndinakulira ku Bukavu, sukulu yonse ndinaphunzira m'Chifalansa. Zimene anena aphunzitsi n'zoona. Koma kwathu ulemu timauwonjezera. Kalata yofunsira ntchito tinkayamba ndi "J'ai l'honneur de solliciter", ndipo potseka ambiri amalemba "l'expression de mes sentiments distingués". Ngati wowerenga ndi Mkongo wachikulire, zimenezi zimamukomera.

Inetu chimene ndikuopa ndi pakati pomwe mukuti pali bwinopo. Womasulira ndi mnyamata eti? Onani ngati sanakusandutseni mwamuna. Mkazi amalemba "je suis motivée", "je suis intéressée", "diplômée", ndi e wachiwiri kumapeto. Chingerezi sichisiyanitsa, ndiye womasulira amangolemba zachimuna osazindikira. Ndipo ngati munalemba kuti "I am excited", fufuzani msanga. Akaika "je suis excitée" ndiye mwanena zakuchipinda, osati zantchito.

Nambewe
Mayo ine! Ilipo ndithu, ndime yoyamba yomwe: "Je suis excité d'appliquer pour la position de comptable." Ngakhale e wachiwiriyo palibe.

Aphunzitsi Opuma
Chiganizo chimenecho chagwa katatu, kuwonjezera pa e uja. "Excité" mwamva kale. "Appliquer" ndi kupaka kapena kugwiritsa ntchito lamulo. Ku Quebec ena amanenadi choncho pofunsira ntchito, koma mawu ovomerezeka ndi "postuler". Ndipo udindo wa pantchito ndi "poste", osati "position". Ine ndikanalemba chonchi:

Lilongwe, le 12 mars
Objet : Candidature au poste de comptable

Madame, Monsieur,

Je me permets de vous adresser ma candidature au poste de comptable à Lubumbashi.

Patsikupo muonjezere chaka, dzina la mwezi liyambe ndi chilembo chaching'ono, ndipo pakati pa "Objet" ndi timadontho tiwirito pakhale mpata. Kalata yonse ikwane tsamba limodzi. Chifalansa chimatalika kuposa Chingerezi, ndiye ngati yanu inadzaza kale tsamba, dulani ndime ina musanamasulirenso.

Maman, pa "sentiments" ndikusiyana nanu pang'ono. Ife anatiphunzitsa kuti mkazi salemba mawu amenewo kwa mwamuna, chifukwa amakhudzanso zamumtima. Wofuna ulemu woposa "salutations" alembe "l'expression de ma considération distinguée".

Maman wa ku Dowa
Aphunzitsi, lamulo limenelo ndi la ku Paris, komanso lakalekale. Ine ndinalembapo "sentiments distingués" kwa mabwana aamuna, palibe anandiyesa wofuna banja. Koma "considération" sindikukana, alibe vuto kulikonse. Chimene dada ayenera kudziwa ndi chakuti kalatayo akaiwerenge ndani, Mkongo kapena mzungu wa kulikulu lawo.

Dalaivala wa Kasumbalesa
Koma ndifunse nawo. Kalata ikakhala yosalala chonchi, pa intavyu sadzakuthirani Chifalansa chokhachokha? Ku Lubumbashi mumsewu Chiswahili chimakupulumutsa, koma muofesi ayi.

Aphunzitsi Opuma
Funso labwino. Mayi, nenani zoona m'kalata momwemo. Ngati muli ndi DELF, satifiketi ya mayeso a Chifalansa, tchulani mlingo wake, kaya B1 kaya B2. Ngati mulibe, chiganizo chimodzi chonena kuti Chingerezi mumachidziwa bwino ndipo Chifalansa mukupitiriza kuphunzira chikwanira.

Nambewe
DELF ndilibe. Ndikayika chiganizo chimenecho sadzangoitaya kalatayo asanafike n'komwe pa zaka zanga zapantchito? Pachilengezo analemba "maîtrise du français", kutanthauza kuti akufuna wodziwa bwino Chifalansa. Maman, ndikutumizirani kumbali usiku uno muione yonse, ine amene akawerenge sindikumudziwa.